Kalata imene ndinachedwa nayo zaka khumi

(Awa ndi mawu amene mmodzi mwa ife anayankhula pamkumano wa kalabu wa mu Okutobala 2025. Ambiri munapempha kuti tiwalembe, ndiye nawa.)



Anandipatsa mphindi zochepa kuti ndinenepo kanthu chifukwa pa 5 Okutobala linali tsiku lokumbukira aphunzitsi padziko lonse. Ine siine katswiri woyankhula pagulu, mukundidziwa. Ndingokufotokozerani za kalata imodzi imene ndinalembera aphunzitsi anga a Sitandade 3 chaka chino, patapita zaka khumi chisiyanireni nawo. Ndinailemba katatu. Kawiri koyamba ndinalakwitsa, ndipo ndikufuna muone pamene ndinalakwitsira kuti inu mukadzafuna kulemba yanu musadzagwerenso m'dzenje lomwelo.

Ndiyambe ndi chimene anandichitira, apo ayi zinazo simuzimvetsa.

Sitandade 3 ndinabwereza. Chaka choyamba ndinalephera, ndipo mu 2014 ndinalowanso kalasi yomweyo ndi ana amene ndinkawaona ngati ang'ono anga. Chinsinsi changa chinali chakuti sindinkatha kuwerenga. Ndinkaloweza. Buku la Chichewa tinkagwirizira ana asanu kapena asanu ndi mmodzi, ndipo kalasi yonse ikamawerenga mokweza, ine ndinkangotsatira pakamwa pa anzanga. Ndikaona chithunzi pamwamba pa tsamba, ndimadziwiratu mawu onse a tsambalo. M'kalasi mwathu tinalipo ana 94, tonse pansi. Pagulu lotere, mwana woloweza sadziwika. Amakuwa kuposa onse, ndipo aphunzitsi amaganiza kuti ndiye wanzeru.

Amene anandigwira ndi mayi wina amene anali atangobwera kumene pasukulupo. Dzina sinditchula chifukwa sindinawapemphe chilolezo, ife tinkangoti a Madamu. Tsiku lina anandiitana kutsogolo, n'kutsegula buku, kenaka anaphimba chithunzi ndi chikhatho chawo. Anati, “Werenga.” Ndinangoti kakasi. Anatsegula tsamba lina, kuphimbanso. Zii. Anzanga anayamba kuseka, a Madamu anawaletsa, n'kundiuza kuti ndikhale pansi koma tikaweruka ndisapite.

Ndinaganiza kuti ndi chikwapu. Sichinali chikwapu. Anatulutsa kajumbo kodzaza ndi zitsekerero za mabotolo, chilichonse chitamatidwa kapepala kolembedwa phatikizo limodzi: ba, be, bi, ma, me, mi, choncho. Ankatenga ziwiri n'kuziika pansi, ine ndiwerenge. Akatembenuza malo, ndiwerengenso. Dala, lada. Mawu ena sankatanthauza kanthu, ndipo anachitira dala, chifukwa mawu opanda tanthauzo sungawalote, uyenera kuwawerenga basi. Apa m'pamene anatulukira kuti b ndi d ndinkazisokoneza, komanso kuti malembo akangogundana atatu ngati nkh, mph ndi nth, mutu wanga unkaima. Tinkachita zimenezi mphindi makumi awiri tikaweruka, pansi pa mtengo wa mango, masiku atatu pasabata. M'Januwale 2015, chaka cha mvula yoopsa ija, tinkachitira pakhonde la kalasi. Pofika kumapeto kwa teremu yachiwiri ndinawerenga ndekha chikwangwani cha pachigayo. Chaka chitatha iwo anasamutsidwa, ine ndinapita Sitandade 4, ndipo sindinanene ngakhale zikomo. Mwana wa zaka zisanu ndi zinayi amaganiza kuti zimenezo ndi ntchito yawo basi.

Chimene chinandidzutsa ndi maliro. Kumayambiriro kwa chaka chino tinaika aphunzitsi ena aamuna amene anandiphunzitsa Sitandade 7. Anthu anayankhula zokoma pamaliro paja. Wina anachoka ku Blantyre ndi galimoto, kudzanena kuti popanda bambo amenewa iye sakanakhala chimene ali. Ndinamva mayi wina kumbuyo kwanga akunong'oneza mnzake kuti, “Nanga bwanji osabwera kudzawauza ali moyo?” Mawu amenewo anandilasa. Kuno kwathu timadziwa kuthokoza munthu atagona m'bokosi. Ndinabwerera kunyumba ndikuganiza za a Madamu, osadziwa ngati ali moyo kapena ayi.

Koma ndinazengerezabe miyezi iwiri, ndipo chifukwa chake ndikudziwa kuti ambiri muli nacho. Manyazi. Ndinalemba MSCE mu 2024, ndinakhoza, koma mapointsi anga sananditengere ku yunivesite. Pano ndimathandiza amalume kugula ndi kugulitsa mbatata ya kachewere. Mumtima ndinkati ndidikire kaye ndipeze ntchito, ndidzapite nditavala bwino, nditanyamula shuga ndi chitenje. Agogo anga aakazi ndi amene anandimasula. Anandifunsa kuti, “Kodi mayiwo anakuphunzitsa kulemera kapena kuwerenga?” Ndinati kuwerenga. Anati, “Nanga sukuwerenga?” Nkhani inathera pomwepo.

Ntchito yoyamba inali kuwapeza, ndipo si yamasewera. Aphunzitsi a pulayimale amasamutsidwa, ndipo pazaka khumi munthu akhoza kudutsa masukulu atatu. Ndinayambira kusukulu yanga yakale. Ahedi amene alipo pano sanawapezepo, ndipo dzina limene ndinatchula silinawathandize. Apa ndinaphunzira chinthu chimodzi: ife tinkawaitana ndi dzina la amuna awo, pamene m'mabuku a ntchito analembedwa ndi dzina la bambo awo. Ndinali kufunafuna munthu ndi dzina loti m'kaundula mulibe. Anandithandiza ndi aphunzitsi ena okhalitsa pasukulupo, amene anakumbukira mayi wa zitsekerero uja n'kunditchulira dzina lenileni. Kenaka ananditumiza ku TDC ya zoni yathu kukaonana ndi a PEA, chifukwa iwo ndiwo amadziwa mphunzitsi aliyense wa m'zoni ndi kumene anasamukira. A PEA anaimbira mnzawo wa zoni ina, ndipo patatha sabata ndinamva kuti a Madamu anapuma pantchito, ali kwawo kumunsi kuja cha ku Lisungwi. Nambala yawo sanandipatse tsiku lomwelo. Anati ayambe afunsa eni ake, ndipo ndikuona kuti anachita bwino. Choncho mukafuna kupeza aphunzitsi anu akale, musataye nthawi pa Facebook. Pitani kusukulu, funsani mphunzitsi amene wakhalitsa kuposa onse, ndipo funsani maina awiri onse. Safunsa anadya phula.

Tsopano kulakwitsa kwanga koyamba. Nditangolandira nambala, chisangalalo chinandipitirira. Usiku womwewo ndinatumiza uthenga pafoni, wa m'Chingerezi, mizere iwiri, wofunsa ngati akundikumbukira. Sanayankhe. Ndinadikira masiku anayi, osayankha. Ndinakhumudwa, koma nditauwerenganso uthenga uja ndinadziseka ndekha. Taganizani, ndinu mayi wachikulire, usiku kukubwera uthenga wa nambala yachilendo, munthu sakunena kumene ali kapena chimene akufuna, akungoti mukundikumbukira. Tonse timadziwa mmene mauthenga otere amathera. Mawa lake amati tumizani ndalama pa nambala iyi. Pambuyo pake anandiuza okha kuti mdzukulu wawo anawaletsa kuyankha, ankaganiza kuti ndi akuba a pafoni aja.

Ndiponso funso lakuti mukundikumbukira ndi lopanda chilungamo. Tiyeni tiwerengere limodzi. Mphunzitsi akhale ndi ana 80 pachaka, agwire ntchito zaka 30. Ndi ana 2,400 amenewo. Iwe unali ndi mphunzitsi mmodzi wa Sitandade 3, iwo anali ndi ana zikwi. Ukawafunsa ngati akukukumbukira, ukuwapatsa mayeso. Akanena kuti ayi achita manyazi, akanena kuti inde anama. Ndi ntchito yako kuwakumbutsa: sukulu iti, chaka chiti, kalasi iti, unkakhala pati, unali mwana wa yani.

Kulakwitsa kwachiwiri kunali papepala. Ndinati basi ndilembe kalata yeniyeni, ndipo ndinakhuthula nzeru zonse za m'kalasi ya Chichewa. Masamba awiri. Ndinawatchula nyali, ndinawatchula mzati, ndinati mphunzitsi ndi kholo lachiwiri, miyambi inayi pamwamba. Nditamaliza ndinawawerengera agogo ndili wonyada. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, “Yakoma. Koma ndi ya yani?” Ndinati ya a Madamu. Anati, “Ine ndimayesa ya abusa.”

Anandipweteka koma ananena zoona. M'masamba awiri onsewo munalibe chitsekerero ngakhale chimodzi, munalibe mtengo wa mango, munalibe chikhatho chophimba chithunzi. Ndiye nali yeso limene ndikukupatsani, ndi la agogo anga, si langa: ukamaliza kalata, fufuta dzina la pamwamba n'kuikapo la mphunzitsi wina. Ikakhala kuti ikumvekabe bwinobwino, sunalembe kanthu. Kalata yothokoza iyenera kukhala yoti munthu wina aliyense akailandira anene kuti iyi yasochera, si yanga.

Kachitatu ndinalemba tsamba limodzi. Ndinatsata kalembedwe ka kalata yamchezo kamene tinaphunzira tonse, keyala imodzi pamwamba, tsiku, kenaka malonje. Sindinafune ya ntchito ya makeyala awiri ndi mutu wodula mzere, chifukwa sindinkapempha ntchito. Koma ulemu wokha ndinausunga, “inu” kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ndikuwerengerani mmene inalili, kupatula keyala ndi maina.

“Okondedwa Aphunzitsi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse kunyumba. Ine kuno ndili bwino.

Mwina simungandikumbukire, ndipo musadandaule nazo. Ndinali m'kalasi mwanu Sitandade 3, chaka cha 2014 mpaka 2015. Ndinali wobwereza, wamtali kuposa anzanga, ndinkakhala kumbuyo pafupi ndi zenera. Ndine mnyamata uja munamugwira akuloweza buku pamene munaphimba chithunzi ndi dzanja lanu.

Tsiku limenelo simunandimenye ndipo munaletsa anzanga kundiseka. Munandiphunzitsa ndi zitsekerero za mabotolo pansi pa mtengo wa mango, masiku atatu pasabata, anzanu ataweruka. Panthawiyo sindinkadziwa kuti imeneyo inali nthawi yanu yokaphika ndi kupuma. Pano ndikudziwa.

Ndinakhoza Sitandade 8 mu 2020, ndipo ndinamaliza Fomu 4 mu 2024. Ku yunivesite sindinapite. Ndimathandiza amalume pa geni ya kachewere, ndipo ndine amene ndimalemba buku la ngongole ndi kuwerenga mapepala onse. Agogo akapita kuchipatala, ndine ndimawawerengera za kamwedwe ka mankhwala. Mng'ono wanga ali Sitandade 2 ndipo ndamupangira zitsekerero zake.

Sindikupempha kanthu, ndipo simukukakamizidwa kuyankha. Ndimangofuna mudziwe kuti ntchito ija sinapite pachabe. Pepani kuti ndachedwa zaka khumi. Zikomo kwambiri.

Ndine mwana wanu.”

Ndi yomweyo, yatha. Mwaona kuti mulibe mwambi ngakhale umodzi. Ndiloleni ndinene chifukwa chake ndinaika zina mwa zimene mwamvazo.

Mawu akuti “musadandaule nazo” ndinawaika kuti ndiwachotsere mtolo wa mayeso uja. Za yunivesite ndinanena zoona, ngakhale dzanja linkafuna kulemba kuti ndikudikira kuitanidwa. Neno ndi yaing'ono, abale anga. Bodza lotere limafika ku Lisungwi pa njinga yamoto lisanafike tsiku lachitatu. Komanso ndinaona kuti chimene mphunzitsi wa Sitandade 3 akufuna kumva si digiri, koma chimene ndikuchita ndi chinthu chimene anandipatsa. N'chifukwa chake ndinatchula buku la ngongole ndi mankhwala a agogo.

Chiganizo chakuti “sindikupempha kanthu” ena mwaseka, koma n'chofunika. Tinene chilungamo, wachinyamata wosagwira ntchito akayamba kuyamikira munthu wamkulu amene sanamuone zaka khumi, aliyense amadikira mzere womaliza, pamene pabwere za fizi kapena mpamba. Ngati sunena poyera, munthu amawerenga kalata yonse mtima uli m'mwamba. Ndipo ngati ukufunadi thandizo, lemba kalata ina tsiku lina. Ukaphatikiza ziwirizi, zikomo uja amasanduka nyambo.

Pali china chimene ndinachisiya dala. A Madamu omwewo anandikwapulapo tsiku lina chifukwa chochedwa, pamene ndinachedwa chifukwa mtsinje unadzaza. Ndimakumbukirabe. Ndinalingalira zoikamo ngati nthabwala, koma papepala nthabwala ilibe nkhope, munthu sangaone kuti ukumwetulira. Ndinaisiya. Sindikunena kuti muzinama kuti mphunzitsi anali mngelo. Thokozani chinthu chenicheni chimene anachita, osawonjezera, ndipo ngati mphunzitsi wina anakuchitani nkhanza zenizeni, palibe amene akukukakamizani kumulembera.

Katumizidwe kake nakonso ndinaganizira. Positi sindinaidalire chifukwa sindinkadziwa bokosi limene amalandirira makalata. Kujambula n'kutumiza pa WhatsApp sindinafune, foni yawo ndi yamabatani, komanso pepala munthu amasunga m'Baibulo kapena m'chikwama n'kumalitulutsa akafuna. Inali nyengo ya manachesi, mu Juni, ndiye ndinapatsira azakhali anga amene amapita ndi manachesi ku Zalewa. Iwo anapatsira mayi wina wa mumpingo mwawo wa kumunsiko, pamodzi ndi kathumba ka manachesi a pakhomo pathu. Kunja kwa envulopu ndinalemba maina awo onse awiri, ndi nambala yanga pansi pa kalata. Ndalama imene ndinaononga ndi ya envulopu yokha.

Panapita masabata awiri. Tsiku lina Lamulungu madzulo foni inalira. Nditayankha ndinamva mawu akuti, “Kodi ndikuyankhula ndi mwana wa zitsekerero?” Anzanga, ndinaimirira. Ndinali ndekha m'nyumba koma ndinaimirira ngati alowa m'kalasi.

Ananena mosabisa kuti nkhope yanga sakuikumbukira, ngakhale dzina. Ana a zitsekerero anali ambiri, sukulu iliyonse imene anapita anali nawo atatu kapena anayi pachaka. Ine zaka zonsezi ndinkadziona ngati ndinali ndekha. Poyamba zinandiwawa pang'ono, kenaka ndinaona kuti zimenezi zikukuza chimene anachita, osati kuchichepetsa. Anandiuzanso kuti maso awo ayamba kuvuta, moti kalata ija anawawerengera mdzukulu wawo, yemwe uja anati ndine wakuba. Atamaliza anamuuza kuti abwerezenso. Kenaka ananena mawu amene sindidzawaiwala. Anati ana ambiri amene ankatsala nawo masana ankasowa asanafike Sitandade 6, ena ku ukwati, ena ku maganyu, ena ku Joni, ndipo iwo sankadziwa ngati mphindi zija zinathandizapo munthu. Pa ana onsewo, kalata yanga inali yoyamba.

Taonani pamenepa. Mphunzitsi wa Fomu 4 amaona zotsatira, maina amatuluka, ana amabwera kudzamugwira chanza. Wa Sitandade 8 chimodzimodzi. Koma wa Sitandade 1, 2 ndi 3 amadzala mbewu n'kusamutsidwa isanamere. Palibe amene amabwerera kukamuuza. Ngati mukusankha woti mumulembere, yambani mwaganiza za m'makalasi a pansiwo.

Mu Ogasiti ndinapita kukawaona. Kumunsi kuja kutentha, inu, ife a kumtunda tinazolowera mphepo. Ndinawapeza atakhala pamkeka, achepa thupi kusiyana ndi mmene ndinkawakumbukira, mwina chifukwa nthawi ija ndinkawaona ndili pansi. Tinacheza, anandiphikira nsima, ndipo nkhani ya chikwapu ija ndinainena pamenepo, tikuonana maso. Anaseka mpaka kutsokomola, kenaka anati, “Pepa mwanawe, tinkalakwitsa zina.” Pobwerera anandipatsa malambe odzaza jumbo.

Ndisanatsanzike analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kalata yanga ija. Ndinadabwa kuona kuti pansi pake pali inki yofiira. Pajatu ndakuwerengerani kuti “zikomo kwambiri”, koma papepala ndinalemba “kwambili”. Anauza mdzukulu wawo kuti awatchulire malembo a mawu ena, ndipo apo anandigwira. Anazunguliza, n'kulemba r pamwamba ndi dzanja lonjenjemera. Anati, “Pambuyo pa i ndi e timalemba r, pambuyo pa a, o ndi u timalemba l. Izi sitinafike, eti?” Ndinati sitinafike, Madamu. Anati, “Chabwino, wakhoza. Koma kalatayi sindikubwezera, ndi yanga.”

Wapampando, ndaona mwayang'ana wotchi kawiri. Ndabweretsa mapepala ndi maenvulopu khumi, ali patebulo apo. Amene akufuna atenge, alembe kunyumba, ndipo Loweruka likubwerali tidzawerengerane awiriawiri ndi yeso la agogo lija tisanatumize. Amene sakudziwa kumene aphunzitsi ake ali andipeze tikamaliza, njira ya ku TDC ndikuidziwa tsopano.

Zikomo kwambiri. Ndi r.